Msipu wa onse suyenera kutha nthawi zonse

Mu 1968 katswiri wa zachilengedwe Garrett Hardin analemba za msipu umene aliyense angadyetseko ziweto. Mbusa aliyense amawonjezera ng'ombe, chifukwa phindu ndi lake yekha pomwe kuwonongeka kwa udzu kumagwera onse. Mapeto ake msipu umasanduka fumbi. Iye anati mankhwala ake ndi kugawa malowo kwa eni kapena kuwapereka m'manja mwa boma.

Koma Hardin anasokoneza malo opanda mwini ndi malo a mudzi, ndipo cholakwa chimenechi n'chachikulu. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anaonetsa zimenezi pofotokoza za mudzi wa Törbel ku Switzerland. Kumeneko lamulo la mu 1517 linaletsa munthu kutumiza ku msipu wa kuphiri ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa m'nyengo yozizira. Woyang'anira ankalipiritsa chindapusa wophwanya lamulolo, ndipo msipuwo wakhalapo zaka mazanamazana.

Dongosolo lotere limagwa pamene anthu akunja alowa popanda wowaletsa, kapena boma likalanda anthu a m'mudzi mphamvu yolanga olakwa.