"Ndiye ndikapanda kudwala, ndalamazo zibwera?": kuwerenga tebulo la sikimu ndi amayi ku Nkopola

Aliyense amene analembetsa kholo lake pa sikimu ya chipatala amalidziwa pepala lija la mabokosi ambirimbiri, limene amakutumizira pafoni. Mayina a matenda kumanzere, manambala kumanja, zonse m'Chingerezi. Ambirife timangoyang'ana ndalama yodulidwa pamwezi, kwinako n'kusiya. Koma amene adzaime pa windo la chipatala ndi khadi m'manja ndi kholo lija, iwe uli ku Lilongwe, foni ili pa msonkhano.

Amayi anga amakhala ku Nkopola, kufupi ndi msewu wopita ku Monkey Bay. Moyo wawo wonse akhala akugula usipa kugombe n'kumagulitsa, ndipo masamu a ndalama simungawanamize. Koma inshuwalansi anali asanaikhudzepo. Nditawalembetsa kudzera kuntchito, funso lawo loyamba linali lakuti: "Ndiye chaka chikatha osadwala, ndalamazo zibwera?"

Funsoli si laumbuli. Iwo amadziwa chipereganyu ndi banki m'khonde, kumene chimene waponya chimabwerera kwa iwe. Ndinawauza mosazungulira kuti ayi, sizibwera. Zimene timapereka zimalowa m'thumba limodzi ndi za anthu ena, ndipo amene wadwala mwezi umenewo ndiye amatapamo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ngati zamaliro za kumpingo." Ndinavomera, chifukwa n'zoona: umasonkha osalakalaka kuti tsiku lako lifike.

Tisanayambe kuwerenga ndinaphimba theka la tebulolo. Masikimu amakhala ndi magulu. Ku MASM, mwachitsanzo, kuli Econoplan, Executive ndi VIP, ndipo mabungwe enanso ali ndi mayina awoawo. Magulu onse amaikidwa pambalipambali patsamba limodzi, ndiye diso limathamangira kumene kuli manambala onona. Ndinakopera mzere wa gulu lawo lokha mu kope, ndi zilembo zazikulu. Manambala amene nditchule apa ndi ongoyerekeza kuti masamu aziyenda bwino. A patebulo lanu muwaikemo nokha.

Pamwamba pamakhala mawu akuti Annual limit. Awa ndi malire a ndalama zonse zimene sikimu ingakulipirireni pachaka. Tinene K5,000,000. Amayi atamva anaseka, amvekere, "Nanga ineyo ndingadwale zonsezo?" Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Ndalamayo si mulu umodzi. Ndinatenga mabeseni anayi amene amayezera usipa n'kuwandandalika pakhonde: ili la kuonana ndi dokotala, ili la mankhwala a matenda okhalitsa, ili la maso, ili la kugonekedwa. Beseni lililonse lili ndi muyezo wake. La maso likatha simungatape m'la kugonekedwa, ngakhale litadzaza chotani. Ndipo zotsala sizidikira chaka chamawa.

Tinayesa ndi mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Beseni limenelo tinene lili ndi K600,000 pachaka, ndipo mankhwala amakwana K60,000 pamwezi. Ndinawasiya awerengere okha. Sanachedwe: "Miyezi khumi. Iwiri yotsalayo ndi yathu." Eya, ndipo mitengo ikakwera pakati pa chaka, beseni limatha msanga kuposa pamenepo. Funsaninso kuti chaka cha sikimu yanu chimayamba mwezi uti, chifukwa si onse amene amayambira Januwale.

Pamene tinakhalitsa ndi pa 80%. Nambala imeneyi imaoneka yosavuta: pa K100 iliyonse sikimu ipereka K80, inu K20. Koma K100 ya ndani? Bungwe limakhala ndi mitengo yake imene linavomereza pa chithandizo chilichonse, ndipo nthawi zambiri limawerengera pa mtengo umenewo, osati umene chipatala chalemba.

Tinatenga magalasi. Malire a maso tinene ndi K150,000 pa zaka ziwiri. Kumalo opimira maso alemba K200,000. Munthu amaganiza kuti gawo lake ndi K40,000, n'kumanga imeneyo pachitenje. Koma ngati mtengo wovomerezeka ndi bungwe uli K160,000, sikimu ipereka 80% ya imeneyo, yomwe ndi K128,000. Amayi apereka K72,000. Ndalama ya pamwambayi ndi imene anthu amaitcha shotifolo, ndipo ndi imene imayambitsa mikangano pa windo. M'beseni la maso mutsala K22,000 yokha, mpaka zaka ziwirizo zithe.

Amayi anati, "Ndiye ali ngati wogula amene amabwera ndi chigoba chake choyezera." Ine ndinalibe choonjezera. Tinangogwirizana funso limodzi loti azifunsa asanalandire chithandizo chimene si chadzidzidzi: "Pa khadi ili, ine ndionjezera zingati?" Ndi bwino kufunsa magalasi asanadulidwe, chifukwa akadulidwa sabwezedwa.

Kunena zoona, mbali imene ine sindiikonda ndi ya tizilembo ta m'munsi. Kumeneko n'kumene kuli Waiting period, nthawi imene mumalipira koma simungagwiritse ntchito khadi pa zinthu zina. Pa matenda amene munthu analowa nawo kale, nthawiyi imakonda kutalika kuposa pa malungo kapena chifuwa. Kwa munthu wachikulire izi n'zazikulu, chifukwa nthawi zambiri ndi matenda omwewo amene anatichititsa kumulembetsa. Sitinalembe kuti "miyezi yakuti". Tinawerenga pa kalendala n'kulemba tsiku lenileni pambali pa beseni lililonse. Ndipo polemba fomu, matenda onse atchulidwe. Kubisa shuga kuti zinthu ziyende msanga kumapatsa bungwe chifukwa chokanira kulipira tsiku limene mukulifuna kwambiri. Mabungwe ena amaikanso malire a zaka za munthu wolowa kumene, choncho funsani zimenezo musanalonjeze kholo chilichonse.

Kenako pali Pre-authorisation, kutanthauza kuti bungwe livomere kaye chithandizo chisanachitike. Zimakhudza zinthu zokonzekera ngati opaleshoni ya ng'ala. Chipatala ndicho chimatumiza pempho, koma inu funsani ngati yankho labwera musananyamuke ulendo wa ku Zomba kapena ku Blantyre.

Tebulo silikuuzani kumene khadi likagwire ntchito. Umenewo ndi mndandanda wina, ndipo uyenera kupemphedwa. Kwa munthu wa ku Nkopola nkhaniyi ndi yeniyeni. Chipatala cha Koche chili pafupi, ndi cha mishoni, cholipira. Chipatala chachikulu cha boma ku Mangochi chithandizo chake wamba n'chaulere, ndiye khadi silisintha zambiri kumeneko. Sikimu imathandiza m'zipatala zolipira ndi m'mafamase amene ali pamndandanda wa bungwe lanu. Mukapita kwina mukhoza kulipira nokha kaye, n'kukapempha kubwezeredwa ndi malisiti, ngati malamulo a sikimuyo amalola. Ya minibasi kapena ya kabaza yopitira kuchipatala imachoka m'thumba mwanu.

Tsamba la mu kope lija linathera ndi mizere isanu ndi umodzi yokha: mabeseni anayi ndi malire ake ndi masiku ake, funso la pa windo, ndi nambala yaumembala. Nditawafunsa kuti andibwerezere zonse ngati akufotokozera anzawo a kugombe, anakhoza, kupatula chinthu chimodzi chimene anafunsa mosamala: ngati mng'ono wawo atadwala, sangam'bwereke khadilo? Ndinati ayi, ndi la dzina lawo lokha, amaliyerekeza ndi chitupa cha unzika, ndipo kubwereketsa kungatsekeretse tonse. "Ndiye khadi lake n'louma mtima," anatero, akuliika m'kapulasitiki pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala.