Mvula ndi juga m'masamu a Markov

Andrey Markov, katswiri wa masamu wa ku Russia, ankafufuza zinthu zimene zamawa zake zimadalira zalero zokha.

Tebulo la mwayi lingati: kukacha ndi dzuwa lero, mwayi wa mvula mawa ndi 0.1; ikagwa, mwayi woti mawa ikate ndi 0.5. M'kupita kwa nthawi kusintha kwa mbali ziwirizi kumalingana: 0.1a = 0.5b, pomwe a + b = 1. Choncho a = 5/6: dzuwa limatenga masiku 5 mwa 6, kaya nyengo idayamba bwanji.

Juga ndiye ina. Wina ali ndi K1, akufuna K3, ndipo amabetcha K1 pa mwayi wa theka. Akafika pa K0 kapena K3 sachokaponso. Apa poyambira mpofunika: ngati x ndi mwayi wopambana ali pa K1, ndipo y ali pa K2, x = y/2 ndipo y = 1/2 + x/2. Mwayi wake ndi 1/3 basi.