Kalata ya Chingerezi Yodandaulira Mwini Nyumba za Paipi Yophulika

Pa mayeso a Chingerezi cha msinkhu wapakati, wophunzira amatha kuuzidwa kuti alembere mwini nyumba imelo yaulemu yonena za paipi ya madzi yomwe yaphulika. Oyesa amafuna kuona ngati iye angathe kudandaula momveka popanda kukalipa.

Mutu wa imelo umatchula vutolo ndi nambala ya nyumba. Moni umatsogolera, ndipo umagwirizana ndi mawu otsanzikira: woyamba ndi "Dear Mr" ndi dzina la bambo amatseka ndi "Yours sincerely", pomwe wolemba "Dear Sir or Madam" amatseka ndi "Yours faithfully". Ambiri amapunthwa pomwepa.

Ndime yoyamba imanena cholinga m'chiganizo chimodzi. Yachiwiri ndiyo mtima wa kalata. Kungoti paipi yawonongeka sikuthandiza mwini nyumba kudziwa chouza pulambala. Wolemba bwino amafotokoza kuti paipi ya pansi pa sinki ya kukhitchini inayamba kudontha Lolemba usiku, madzi anyowetsa kabati, ndipo iye watseka mpopi waukulu, moti pakhomo palibe madzi ophikira. Poti kudonthako sikunaleke, mneni woyenera ndi "has been leaking", osati "leaked".

Pomaliza pamabwera pempho lokhala ndi tsiku. Mawu oti "I would be grateful if you could" amafewetsa lamulo kukhala pempho, ndipo wolemba amatchulanso nthawi imene adzapezeke pakhomo. Mawu ofupikitsidwa ngati "don't" komanso ziopsezo zosiya kulipira lendi zimadyetsa malikisi.