Nyumba isanamangidwe, chithunzi chatuluka kale

Wina akamagulitsa nyumba yomwe ikadali pa maziko, alibe khoma lililonse loti alijambule. Kale ankalipira katswiri wojambula mapulani kuti amukonzere chithunzi chooneka ngati chenicheni. Kuyambira mu 2022, pomwe mapulogalamu a Midjourney ndi Stable Diffusion adatsegulidwa kwa anthu wamba, ambiri amangolemba mawu angapo pa foni kapena pa kompyuta, chithunzi n'kutuluka m'kanthawi kochepa. Mawu amenewa pa Chingerezi amatchedwa `prompt`, ndipo kukongola kapena kuipa kwa chithunzicho kumachokera pa mmene alembedwera.

Tiyerekeze womanga nyumba wina ku Lilongwe amene akufuna kutsatsa nyumba ya banja ya zipinda zogona zitatu. Koyamba walemba kuti `new family house at golden hour` basi. Chomwe chimatuluka kawirikawiri ndi nyumba yosanja ya makoma a matabwa, ya denga la matailosi ndi chumuni, ili pa kapinga wopanda mpanda, ngati za m'mafilimu a ku America. Pulogalamuyo sinalakwe. Idaphunzira kuchokera ku zithunzi zambirimbiri za pa intaneti, ndipo paliponse pomwe wolemba wakhala chete, iyo imaikapo zomwe idaona kwambiri. Ndiye ntchito yoyamba ndi kutchula zomangira chimodzichimodzi: nyumba yosasanja, makoma a pulasitala opaka utoto wa kirimu, malata a IBR akuda, khonde la zipilala zinayi, mawindo a aluminiyamu, njira ya galimoto yoyala timabuloko. Poti nyumbayo ndi yatsopano, kapinga akhale wongodzalidwa kumene ndipo mitengo ikhale yaing'ono. Mtengo wa mango wa nthambi zotambalala pakhomo pa nyumba yomwe yamalizidwa dzulo, aliyense aona kuti ndi bodza.

Koma nkhani yaikulu ili pa dzuwa. Ojambula zithunzi akamati `golden hour` amanena nthawi yomwe dzuwa langotuluka kapena lili pafupi kulowa, lili pa madigiri pafupifupi 6 kapena kutsikirapo. Pa nthawiyi kuwala kumadutsa mu mpweya wochuluka kusanafike pansi, mtundu wa buluu umamwazikira m'njira, ndipo chomwe chimatsala ndi kuwala kofiirira komanso kofewa. Khoma la kirimu limaoneka lofunda, mizere ya malata imaonekera bwino, ndipo khonde, lomwe masana limakhala phanga la mdima pa chithunzi, limalowedwa ndi kuwala mpaka pa chitseko. N'chifukwa chake ogulitsa nyumba amaikonda nthawiyi.

Dzinalo limanena za ola, koma kuno si ola lathunthu. Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa ikweta, kotero dzuwa limatsika pafupifupi molunjika, ndipo madigiri 6 omalizawo limawadutsa m'mphindi pafupifupi 25. Ku London m'mwezi wa Juni limatsika mopendekera n'kutenga pafupifupi ola. Wofuna kujambula nyumba yeniyeni ndi kamera akachedwa pang'ono pa msewu, wapeza kwada.

Pulogalamu ikangouzidwa mawu awiriwo, imakonda kuika dzuwa kuseri kwa nyumba kuti thambo lioneke lofiira, komanso n'kuwalitsa khoma lakutsogolo ngati kuli dzuwa lachiwiri. Maso amakopeka msanga, koma zimenezi sizichitika padziko. Dzuwa likakhala kuseri kwa nyumba, kutsogolo kumakhala mthunzi. Choncho wolemba wanzeru amanena pomwe dzuwa lili poyerekeza ndi kamera. Malo abwino ndi kumbuyo kwa wojambula, chakumbali pang'ono, kuti khoma lakutsogolo liwale pomwe la m'mbali lili mu mthunzi wopepuka. Kusiyana kwa makoma awiriwo ndi komwe kumapatsa nyumba thupi. Anenenso mbali yomwe mithunzi ikugwera, ndipo ikhale yaitali ndithu: dzuwa likakhala pa madigiri 10, khoma la mamita 3 limaponya mthunzi wa mamita pafupifupi 17.

Za kamera n'zachidule. Ojambula nyumba amaima pangodya kuti makoma awiri aoneke, kamera ili pa msinkhu wa maso, ndi lenzi yotenga malo ambiri monga ya mamilimita 24. Amasamalanso kuti makoma aime chilili, chifukwa kamera ikapendekera m'mwamba nyumba imaoneka ngati ikugwa chagada. Zonsezi zikaphatikizidwa, womanga wathu uja alemba motere mu Midjourney:

```
Real estate photo, single-storey house, cream plastered walls, charcoal IBR iron roof, front veranda with four square pillars, aluminium windows, paved driveway, young lawn, golden hour, low sun behind camera on the left, long shadows falling to the right, three-quarter view, eye level, 24mm lens, straight verticals --ar 3:2 --no people, text, chimney
```

Chizindikiro cha `--ar 3:2` chimapangitsa chithunzi kukhala chopingasa ngati cha kamera wamba, pomwe `--no` chimatchula zinthu zosafunika. Zilembo zaletsedwa dala, chifukwa mapulogalamuwa nthawi zina amalemba nambala ya nyumba kapena chikwangwani chosawerengeka. Ndi bwino kudzalembapo yekha pambuyo pake. Chumuni nacho chaletsedwa kuti nyumba za kumaiko ozizira zisabwererenso. Taonani kuti mulibe mawu ngati akuti yokongola kwambiri kapena yapamwamba. Mawu otere sanena mtundu wa denga kapena mbali ya dzuwa, amangokokera chithunzi ku nyumba za anthu olemera, ndipo mwina n'kuonjezapo dziwe losambiramo lomwe pa pulani palibe.

Chithunzi chikatuluka, chiyenera kufufuzidwa ngati mmene kapitawo amayenderera khoma la mmisiri watsopano. Ayambe ndi mithunzi: wa chipilala, wa mtengo ndi wa mpanda uyenera kuloza mbali imodzi. Kenako awerenge zipilala, chifukwa wopempha zinayi amatha kulandira zisanu. Aone ngati masitepe akufika pa chitseko kapena akuthera pa khoma, ngati mawindo a mzere umodzi ali ofanana msinkhu, ndiponso ngati mizere ya malata ikutsika kuchokera pamwamba kupita m'munsi, momwe madzi a mvula amayendera. Nyumba yonse ikafiira ngati yayaka moto, achotse mawu obwerezabwereza onena za kulowa kwa dzuwa n'kuika `soft warm light`. Asinthe chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi sadziwa chomwe chakonza vutolo.

Pali malire omwe mawu okha sangadumphe. Ngakhale atalembedwa mwaluso chotani, amabala nyumba yofanana ndi yomwe ikufotokozedwa, osati nyumba ya pa pulani yeniyeniyo. Kukula kwa khonde, kupendekeka kwa denga ndi malo a zenera lililonse pulogalamu imangoganizira. Wofuna kuti zigwirizane ndi pulani ayenera kuipatsa chojambula cha katswiri kuti itsatire mizere yake, monga zimachitikira ndi ControlNet, chida chomwe chidatuluka mu 2023 chogwira ntchito ndi Stable Diffusion. Aonenso komwe nyumbayo yayang'ana pa poloti: ngati khomo layang'ana kum'mawa, kuwala kofiirira kudzafika pa khondelo m'mawa, osati madzulo.

Wogulitsa alembe pansi pa chithunzicho kuti ndi choyerekezera chopangidwa pa kompyuta. Inu ogula, musanapereke ndalama iliyonse, pemphani pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, muiyerekeze ndi chithunzicho, kenako mukaone polotiyo ndi maso anu.