Satifiketi ya sikelo yopanda kwawo

Tiyerekeze kuti kampani yopakira mtedza yagula sikelo yatsopano ya mu labotale. Katoni yafika, ndipo m'kati muli pepala lokongola, la chidindo ndi siginecha, lonena kuti sikeloyi yayesedwa ndipo ili bwino. Mayi woyang'anira labotale awerenga pepalalo kawiri, kenaka amata kapepala pa sikelo: "Musagwiritse ntchito." Bwana wogula katundu wadabwa, poti sikeloyo ikuyaka bwinobwino.

Funso la mayiwo n'losavuta: yayesedwa ndi chiyani? Sikelo amaiyesa poikapo mwala wachitsulo wodziwika kulemera kwake. Koma mwalawo nawonso umatha, umachita dzimbiri, umagwa pansi. Choncho uyenera kuyerekezedwa ndi mwala wolondola kuuposa, womwenso udayerekezedwa ndi wa bungwe la miyezo la dziko, mpaka kukafika pa kilogalamu yomwe mayiko onse adagwirizana. Kale inali kachitsulo kosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Kuyambira pa 20 Meyi 2019 imachokera pa nambala yosasintha ya m'chilengedwe. Unyolo umenewu ukaduka pamalo amodzi, satifiketi imakhala ngati mlendo amene sangatchule mudzi wake kapena mfumu yake.

Miyala imasiyananso. Wa kilogalamu imodzi wa gulu la M1 umaloledwa kuphonya ndi mamiligalamu 50, pomwe wa gulu la F1 ndi mamiligalamu 5 okha. Ngati sikelo imawerenga mpaka mamiligalamu 10, kuiyesa ndi mwala wa M1 osadziwa kuphonya kwake kwenikweni n'kudzinamiza, chifukwa choyesera n'chosalongosoka kuposa choyesedwa. Pepala likangoti "ili bwino", simungadziwe mwala womwe adanyamula tsikulo.

Apa mpamene kalata imalembedwa. Ambiri amailemba mokalipa, koma kukalipa sikubweretsa satifiketi. Ena amangoti "pepala lanu silokwanira", ndipo wogulitsa amatumizanso lomwelo. Kalata yogwira ntchito imatchula chinthucho ndi zosowazo:

"Bambo, pa 4 Juni tidalandira sikelo yomwe tidaitanitsa pa oda nambala 218, pamodzi ndi satifiketi nambala 0457. Satifiketiyi sitingailandire. Siyikutchula miyala yomwe mudayesera, nambala zake, ngakhale labotale yomwe idayesa miyalayo ndi tsiku lake. Siyikuonetsa zomwe sikelo idawerenga pa mulingo uliwonse, kapena malire a chikayiko pa zotsatirazo. Oda yathu idapempha satifiketi yotsata ISO/IEC 17025. Tikupempha kuti mutitumizire ina pasanathe masiku 14, pamodzi ndi kope la satifiketi ya miyalayo. Pakadali pano sikelo taiika pambali, ndipo invoisi tilipira nkhaniyi ikatha."

Mawu oti malire a chikayiko asakuopseni. Palibe muyezo wopanda chikayiko, ndiye labotale yoona imalemba kuti pa mwala wa magalamu 1,000 sikelo idawerenga 1,000.02, ndipo muyezowo ukhoza kusiyana ndi 0.02 uku kapena uko. Ndime 7.8.4 ya ISO/IEC 17025 ya 2017 imafuna zimenezi, pamodzi ndi chiganizo chofotokoza unyolo uja komanso momwe malo oyesera adalili, monga kutentha kwa chipinda, ngati kudakhudza zotsatira.

Chiganizo cha oda chija n'chimene chimapatsa kalata mano. Ngati pogula simudalembe mtundu wa satifiketi yomwe mukufuna, wogulitsa anganene kuti pepala la kufakitale ndi lomwe mudalipira, ndipo sanganame. Zikatero mumapempha mwaulemu, mwinanso n'kulipira kuti sikelo iyesedwe mwapadera.

Yankho likabwera, musafulumire kuchotsa kapepala kaja. Ena amangotayipanso pepala lakale n'kuonjezera mzere wonena kuti miyezo ikutsata ya mayiko onse. Mzere wokha si umboni. Yang'anani masiku: ngati satifiketi ya miyala idatha mu Malichi koma sikelo idayesedwa mu Meyi, kulembanso pepala sikuthandiza, sikeloyo iyesedwenso. Onaninso chizindikiro cha pamwamba. Cha ISO 9001 chimanena za kayendetsedwe ka kampani, osati luso loyesa. Chofunika n'cha bungwe lovomereza malabotale, monga SADCAS ya ku Gaborone, yomwe imatumikiranso Malawi, kapena SANAS ya ku South Africa, ndipo chikalata cha chivomerezocho chionetse kuti labotaleyo idaloledwa kuyesa masikelo a mulingo umenewo. Yovomerezedwa kuyesa zipangizo zopimira kutentha siyivomerezedwa pa kulemera.

Satifiketi yatsopanoyo ikhale ndi nambala yakeyake, ndipo itchule kuti ikulowa m'malo mwa nambala 0457. Yakaleyo musataye. Isungeni mu fayilo limodzi ndi kalata yanu, pakuti woyendera labotale akadzabwera adzafunsa chifukwa chake sikelo idafika mu Juni koma idayamba ntchito mu Julayi.