Kalata yopempha ntchito yomasulira malipoti a chitukuko

Bungwe likafuna womasulira malipoti ake m'Chichewa, kalata zambiri zimene limalandira zimayamba ndi mawu akuti "Chichewa ndi chiyankhulo changa chobadwira." Mawuwa sathandiza wolemba, chifukwa amene akuwerenga akufuna umboni wa luso.

Umboni wabwino ndi chiganizo chimodzi chovuta. Tiyerekeze kuti lipoti ndi la zakudya za ana m'boma la Dedza, ndipo likunena za ana amene msinkhu wawo ndi wochepa poyerekeza ndi zaka zawo. Womasulira wanzeru amalemba m'kalatamo kuti vutoli adzalitchula kuti "kupinimbira", osati "kuwonda", pakuti mwana wopinimbira akhoza kukhala wonenepa ndithu. Akasokoneza mawu awiriwa, mayi womva lipotilo pamsonkhano wa kumudzi adzayang'ana mwana wake wojintcha n'kunena kuti nkhaniyi si yake. Ndime yotereyi ndimayikhulupirira kuposa mndandanda wa masatifiketi.

Afunsenso kuti lipotilo adzawerenga ndani. Mlangizi wa zaumoyo amamva "maperesenti 20", koma agogo amamva bwino "ana awiri mwa ana khumi alionse".

Za ndalama asazengereze. Anene ngati amalipiritsa potengera mawu kapena tsamba, masiku amene adzamalize, ndiponso ngati matebulo ndi mawu a pansi pa zithunzi ali m'mtengowo, chifukwa mikangano yambiri imabukira pamenepo. Kalatayo isapitirire tsamba limodzi, ndipo aphatikizepo ndime imodzi yomasulira kale pamodzi ndi Chingerezi chake.