Kulipira pafoni ku China: dziwani batani musanadine

Amalonda a ku Malawi amene amakapikula katundu ku Guangzhou, m'dziko la China, amapeza kuti ogulitsa ambiri kumeneko sakonda ndalama zapamanja. Amangokulozerani kabokosi ka madonthomadontho kotchedwa QR kuti mujambule ndi foni. Mapulogalamu amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi Alipay, wa mtundu wabuluu, ndi WeChat Pay, wobiriwira, ndipo kuyambira mu 2023 mlendo amatha kulumikiza khadi yake ya Visa kapena Mastercard ku onse awiriwa. Pulogalamuyo mutha kuiika m'Chingelezi, koma masamba a mashopu, malo odyera ndi magalimoto a hayala amene amatsekuka mkati mwake nthawi zambiri amakhalabe m'Chitchaina. Apa m'pamene munthu amaima chala chili m'mwamba, wogulitsa akudikira, anthu ali pamzere kumbuyo.

Poyamba, musadalire mtundu wa batani kapena mbali imene lili. N'zoona kuti kawirikawiri batani lowala limakhala lopitira patsogolo ndipo lotuwa limakhala lobwerera. Koma amene anakonza tsambalo amawalitsa batani limene iye akufuna kuti mudine, osati limene inu mukufuna. Chodalirika ndi malemba ali pabatanipo, ndipo simukufunika kuphunzira chilankhulo chonse kuti muwazindikire. Ndi ochepa chabe.

Lemba loyamba kulisunga m'mutu ndi 付. Lili ndi timizere tisanu: kumanzere kamzere kopendekeka kotsamira pa kena koongoka, kumanja kamtanda kokhala ndi ngowe pansi ndi kadontho mkati. Mukaliona pabatani, dziwani kuti nkhani yake ndi yotulutsa ndalama. Limapezeka mu 支付 ndi 付款, mawu awiri amene onse akutanthauza kulipira, komanso mu 立即支付, kulipira pompano. Chenjerani ndi 收款, amene amafanana ndi 付款 pa lemba lachiwiri koma amatanthauza kulandira ndalama. Kusiyana kwake kuli pa lemba loyamba basi.

Kuletsa ndi 取消. Chizindikiro chake n'chakuti lemba lachiwiri lili ndi timadontho titatu totsika kumanzere kwake. Kutsimikiza kumalembedwa 确认 kapena 确定, ndipo onsewa amayamba ndi lemba limodzi, 确.

Batani lotsimikiza ndi limene limasokoneza anthu kwambiri, chifukwa palokha silinena chimene mukuvomera. Limangoti inde ku funso limene lili pamwamba pake. Likakhala 确认支付, mukuvomera kulipira. Likakhala 确认取消, mukuvomera kuletsa. Choncho mukaona 确认, yang'anani malemba otsatira, ndipo likakhala lokha yang'anani chiganizo cha pamwamba ngati muli 付 kapena 取消.

Tiyerekeze kuti mayi wina akugula nsapato za mayuwani 350 pashopu ya m'dera la Sanyuanli. Wadina 扫一扫, kutanthauza kujambula, ndipo walozetsa foni pa QR ya shopuyo. Patuluka dzina la wolandira ndi malo olembapo ndalama pafupi ndi chizindikiro cha ¥. Walemba 350 n'kudina 付款. Apa ndalama sizinachoke ayi. Patuluka tsamba lina laling'ono losonyeza kuchuluka kwa ndalama, dzina la wolandira ndi khadi imene ilipire, pamodzi ndi timabokosi tisanu ndi kamodzi ta nambala yachinsinsi.

Pamenepa ndi poima n'kuwerenga. Manambala amalembedwa monga tonse tikuwadziwira, ndiye ngati pali 3500 m'malo mwa 350 mayiyo aona yekha. Asadabwe akapeza 360.50, chifukwa wolipira ndi khadi yakunja nthawi zambiri amawonjezeredwa 3 peresenti ndalama zikapitirira mayuwani 200, ndipo 3 peresenti ya 350 ndi 10.50. Dzina la wolandira sangaliwerenge, koma atha kuonetsa foni kwa wogulitsa kuti avomere kuti ndi lake. Chofunika kudziwa n'chakuti akangolemba nambala yomaliza yachinsinsi, ndalama zimapita nthawi yomweyo. Palibenso batani lina lofunsa ngati watsimikiza. Ngati foni yake inakonzedwa kuti izilipira ndi chala kapena nkhope, mpata woganiza umachepa kwambiri, motero mlendo angachite bwino kuzimitsa zimenezi n'kumalemba nambala.

Nanga akaona kuti walakwitsa? Adine kachizindikiro ka X kamene kamakhala pakona yapamwamba ya tsambalo. Pa masamba ambiri a malonda, akatero pamatuluka funso lakuti kodi akufunadi kusiya kulipira, ndipo apa m'pamene pali msampha. Batani lowala limakhala 继续支付, kutanthauza kupitiriza kulipira, pomwe lotuwa limakhala 放弃, kusiya, kapena 确认离开, kuvomera kuchoka. Munthu wothamangira kuwala amabwerera komwe amathawa. Lamulo lija limupulumutsa: batani lowalalo lili ndi 付, ndiye si lake.

Msampha winanso ndi funso lakuti kodi mukufuna kuletsa oda yanu, 取消订单, lokhala ndi mabatani a 取消 ndi 确定 pansi pake. Pamenepa 取消 akungotseka funsolo, ndipo oda ikhalapobe. Woletsadi ndi 确定, chifukwa ndiye akuyankha inde ku funso loletsa.

Mukalipira, yang'anani mawu awa: 支付成功, kutanthauza kuti zatheka, ndipo nthawi zambiri pamakhala kachizindikiro kochonga. 支付失败 ndiye kuti zakanika. Batani la 完成 limene limabwera pamapeto limangotseka tsamba, silichotsa ndalama zina. Netiweki ikavuta, tsamba n'kumangozungulira, musadinenso kulipira. Tsekulani 账单, mndandanda wa zonse zimene mwalipira, muone ngati 350 ija yalembedwa ndi nthawi yake, ndipo mufunsenso wogulitsa ngati zafika. Ambiri ali ndi kachipangizo kamene kamalengeza mokweza ndalama zikalowa. Kulipira kawiri kumachitika m'kanthawi kochepa, koma kubweza ndalama, 退款, kumadalira wogulitsa, ndipo kufika pakhadi yakunja kutha kutenga masiku.

Palinso njira yolipirira imene ilibe batani lotsimikiza n'komwe. M'masitolo akuluakulu inu ndi amene mumaonetsa QR yanu, yotchedwa 付款码, ndipo wogulitsa amaijambula ndi makina ake. Ndalama zikakhala zochepa, zimachoka osafunsidwa nambala yachinsinsi. Choncho muitsekule pokhapokha mwaona mtengo pamakina ake, ndipo musaitumize kwa wina aliyense ngati chithunzi. Pa mapulogalamu a magalimoto a hayala ndi obwereketsa mabatire otchajira foni, samalani ndi 免密支付, kulipira popanda nambala yachinsinsi, ndi 自动续费, kudulidwa ndalama nthawi ndi nthawi osakufunsani. Kudina 确认 pansi pa mawu amenewa n'kupereka chilolezo cha mtsogolo, osati cha lero lokha.

Kamera yomasulira mawu imathandiza, koma imafuna foni yachiwiri kapena kutuluka patsamba lolipirira, ndipo pamzere wa anthu nthawi yake sipezeka. Musananyamuke, lembani 付, 取消, 确认, 成功 ndi 失败 pakapepala, muike m'chikwama cha foni. Tsiku lofika, yambani mwagula madzi akumwa a mayuwani awiri kapena atatu kuti muone masamba onse mmene amatsatanirana, ndipo katundu wa ndalama zambiri mulipire mutazolowera.